Ndinkati Wailesi Imapusitsa Ena

Amayi anzanga a kuno ku Kitwe, khalani pansi, musaimbenso vesi lina chifukwa cha ine. Dzina langa ndine Esitere, amake Yosefe. Ndachokera ku Ndola, ku Kabushi, koma kwathu ndi ku Katete. Amayi abusa anandiitana kawiri kuti ndidzayankhule pano, kawiri konse ndinakana. Lero ndabwera. Sindidziwa kukometsa nkhani, ndingoinena mmene inayendera. Ndi nkhani ya mmene ndinatsala pang'ono kupha mwana wanga ndi botolo, ndili maso, ndikudziyesa wochenjera kuposa mayi aliyense mu mpingo.

Tinafika ku Ndola chaka chimene mbendera inasintha. Amuna anga a Tembo anapeza ukalaliki ku fakitale yoyenga kopa. Kopa anali pa mtengo masiku amenewo, masitolo amene kale tinkagulira pawindo tinayamba kulowa pakhomo, ndipo m'nyumba mwathu munalowa wailesi. Ine ndinali nditamaliza Standard Six. Ndinkawerenga nyuzipepala ya Chingerezi a Tembo akamaliza, ndipo ku Chigwirizano cha amayi anandisankha kukhala mlembi. Musaiwale zimenezi, chifukwa ndi pomwe panagona matenda anga.

Pa wailesi pankamveka otsatsa malonda. Sopo, mafuta oyeretsa khungu, mkaka wa ana wa m'chitini. Ine ndinkamvetsera kuti ndiziseka. Ndinkadziwa machenjera awo onse: kanyimbo kosavuta kugwira, mawu a mayi wofatsa ngati wa kuchipatala, kamwana koseka kumapeto. Ndinkauza a Tembo kuti, "Imvani mmene akuwakolera anthu." Anthu, osati ine. M'mutu mwanga ndinali ndi makwerero. Pamwamba panali ine, amene wailesi sinkandikhudza. Pansi panga amayi a mu mpingo, amene inkawakhudza pang'ono. Kenako amayi a mumsika, amene inkawatenga ndithu. Pansi penipeni a kumudzi ongofika kumene m'tauni, amenewo ndinkati wailesi ikangotsokomola athamangira kusitolo. Munthu akatalikirana nane, ndi pamene ndinkamuona wosavuta kupusitsa.

Koma pakabwera pulogalamu yabwino, ya ukhondo kapena ulaliki wa Lamulungu masana, makwerero aja ankatembenuka. Pamenepo ndinkati, "Mawu awa andilowa ine, koma anzangawa angowadutsa m'makutu." Zabwino zinkalowa mwa ine, zopusa zinkalowa mwa ena. Sindinadzifunsepo kuti khutu lake ndi lotani losefa bwino chonchi.

Ndinafika polemba kalata yopita kwa akuluakulu a wailesi, yopempha kuti achotse malonda a mafuta oyeretsa khungu chifukwa atsikana adzaonongeka. Amayi onse a Chigwirizano anasaina, ena ndi chala. Ndinali nawo pamene ankasaina. Palibe amene anati, "Ine zikundikopa." Aliyense ankasainira mwana wa mnzake.

Nthawi imeneyo ndili ndi pakati, kunabwera mng'ono wanga Tikambenji kuchokera kumudzi, kutsata mwamuna wake amene anapeza ntchito yonyamula katundu. Anali ndi khanda lake kumsana, Mailesi. Anakhala kwathu mwezi umodzi asanapeze kanyumba ku komboni ya Nkwazi. Tikambenji sanapite kusukulu. Malonda akayamba pa wailesi ndinkadzuka kukazima, kuti asamve. Tsiku lina m'sitolo anaima kuyang'ana chithunzi cha mwana wonenepa atakumbatira chitini cha mkaka. Ndinamukoka chitenje.

"Tiye, zimenezo si zako. Amangofuna ndalama za anthu ngati iwe."

"Ndimangoona kamwanako, asisi. Kanenepa."

"Ndi mmene zimayambira," ndinatero ine, mphunzitsi wamkulu.

Yosefe anabadwa wathanzi, wolira mokweza, woyamwa ngati akulipidwa. Tsiku lotuluka m'chipatala, pageti panali mayi wovala zoyera ngati namwino, akugawa tizitini ta mkaka taulere. Ndinadziwa kuti si namwino. Ndinaona nsapato zake, sizinali za anamwino. Ndinaseka chamumtima, koma kachitini ndinalandira, ati ndikaone chimene amapusitsira anzanga. Ndinakaika pamwamba pa kabati.

Patapita milungu isanu, kuntchito kwa a Tembo kunali tiyi wa makalaliki ndi akazi awo. Ndikuvala, ndinayamba kuganiza. Ndinati, amayi a kumeneko onse ameza za pa wailesi. Ndikakatulutsa bere pamaso pawo adzati a Tembo anakwatira wa kumudzi. Ine sindikhulupirira za chitini, koma iwo amakhulupirira. Ndiye chifukwa cha iwo, lero lokha, nditenge botolo. Ndinatsitsa kachitini kaja. Mwamva? Sindinati wailesi yandikopa. Ndinati yakopa ena, ndipo ine ndingodziteteza kwa okopekawo. Botolo linalowa m'kamwa mwa mwana wanga chimodzimodzi.

Kuchokera pamenepo zinathamanga. Botolo la kutchalitchi. Botolo la popita kutauni. Botolo la masana kuti ndisite bwino malaya a a Tembo. Mwana akazolowera mphira yotuluka mkaka mosavuta, bere amalikoka mwaulesi, ndipo bere losakokedwa limachepetsa mkaka. Zimenezo sindinkazidziwa. Nditaona mkaka wanga ukuchepa ndinati, mwaona, ndinachita bwino kuyamba chitini. A Tembo atafunsa ndinawayankha kuti, "Wa m'bere suoneka muyezo, wa m'botolo mayi amaona ndi maso." Anagwedeza mutu, anati mkazi wanga ndi wophunzira. Yosefe asanakwane miyezi inayi, ine ndinali nditauma.

Kenako nyuzipepala inalemba kuti katundu wachedwa m'njira, mkaka wa ana mwina usowa. Ndinati ine sindichita mantha ndi nyuzipepala, koma amayi enawa achita mantha, akagula wonse. Ndinathamangira kusitolo kuti ndiwayambirire. Ndinapeza mzere wafika pamsewu. Mayi amene anali patsogolo panga anatembenuka n'kunena kuti, "Ine nilibe mantha, mukwai, koma bantu aba bazasiliza vonse." Ndinavomereza kuti anthu ndi opusadi. Pofika masana mashelefu anali mbee, ndipo tinawakokolola ndife, amayi opanda mantha. Ine ndinapeza zitini ziwiri zokha.

Zitini ziwiri sizikhalitsa. Pachitini analemba masipuni four, ine ndinayamba kuthira three, kenako two. Madzi ankayerabe, mwana ankamwa. Mpopi wa mu mzere wa nyumba zathu unkauma masiku ena, tinkatunga mu mgolo. Kuwiritsa botolo nthawi iliyonse kumafuna makala ndi nthawi, ndiye ndinkangolitsukuluza. Ndinkadziwa kuti zimenezi zimadwalitsa ana. Ndinali nditaphunzitsapo amayi ku Chigwirizano. Koma ndinkati zimadwalitsa ana a amayi osasamala.

Yosefe anayamba kutsegula m'mimba. Tsiku loyamba, lachiwiri, lachitatu. Anasiya kulira mokweza, ankangotsegula pakamwa. Maso analowa, liwombo linalowa. Mukuyembekeza kuti ndinene kuti ndinalira, kapena ndinapemphera. Ayi. Sindinamve kanthu. Ndinkachapa matewera, kuyanika, kuanula, kuchapanso. Ndinkamuyang'ana pa bedi ngati mwana wa munthu wina amene andisungitsa. Wailesi inkalira pa kabati, ine n'kumasakaniza botolo lina.

Tsiku lachinayi m'mawa, a Tembo atapita kuntchito, Tikambenji anabwera kudzandiona, Mailesi ali kumsana. Analowa kuchipinda, anatsina khungu la pamimba pa Yosefe, khungu linaima osabwerera. Sanandifunse chilichonse. Anamasula Mailesi n'kundipatsa, anabereka Yosefe, n'kutuluka. Ine ndinamutsatira pambuyo ndi mwana wake wonenepa m'manja mwanga, mpaka kuchipatala.

Apa ndiyende pang'onopang'ono.

Anamwino anamuika Yosefe madzi a m'botolo lopachika, singano pamutu chifukwa m'manja mitsempha sinkaoneka. Mu wodi munali mabedi mbali zonse ziwiri, bedi lililonse kamwana kouma ndi mayi wake pambali. Sister wa mu wodimo anali mayi wachikulire, Mbemba, wosaseka, woyankhula Chinyanja chothyoka. Anabwera ndi khadi n'kuima pa ine.

"Bana Yosefe, mwana analeka liti kuyamwa?"

"Ali ndi miyezi itatu, ba Sister."

"Chifukwa?"

Ndinakonza khosi. Ngakhale pamenepo ndinkafuna adziwe kuti akuyankhula ndi munthu wa sukulu. Ndinati, "Ndinaganiza ndekha, ba Sister. Mukudziwa, wa m'bere suoneka muyezo..."

"...wa m'botolo mayi amaona ndi maso," anamaliza iye, osadzutsa mutu pa khadi.



"Mwadziwa bwanji?" ndinafunsa.

Analoza ndi cholembera. "Uja ananiuza so. Na uja. Uja wa pa kona ananiuza mu Chibemba. Ni mau ya pa wailesi, mayo. Yamabwera pambuyo pa nyimbo."

"Ine za pa wailesi sizinditenga," ndinatero. "Zimatenga ena."

"Ehe. Na iyo bonse bananiuza." Anatseka khadi. "Nikafunsa mu wodi muno ati ndani anamvera wailesi, kulibe. Nikafunsa ati ndani aziba munzake wamene anamvera, manja yonse mumwamba. Manje aba bana banadwala na wailesi ya bandani?"

Anapita pa bedi lotsatira. Sanandikalipire, ndipo mwina akanandikalipira ndikanapeza poyankha.

Ndinakhala pa benchi kufunafuna m'mutu mwanga tsiku limene ndinaganiza mawu aja ndekha. Sindinalipeze. Koma sindinapezenso tsiku limene wailesi inandiuza ine n'kuvomera. Ndi pamene pali msampha, amayi. Ukasuzumira mkati mwako kufuna kuona ngati wakopeka, supeza wailesi. Umapeza zifukwa, zomveka bwino, zoyankhulidwa ndi mawu ako omwe. Mawu ukawamva kambirimbiri amasiya kumveka achilendo, ndipo tsiku lowafuna amatuluka ngati ako. Koma mnzako sungamusuzumire mkati. Umangoona chitini m'manja mwake, n'kunena kuti wailesi yamugwira. Iyenso akuona chitini m'manja mwako, akunena chimodzimodzi. Anyani amasekana zikundu. Ndipo kunena kuti ndakopeka kumawawa, kumakhala ngati wavomera kuti ndiwe wopepera, ndiye mtima umathamangira kukupatsa chifukwa china chaulemu.

Tikambenji anali atakhala pansi pa simenti, akuyamwitsa Mailesi. Ndinamufunsa, mawu anga ali phwa, ngati ndikufunsa mtengo wa tomato.

"Iwe, unayamba wandimvapo ndikunena mawu amenewa?"

"Ati a muyezo? Kambiri, asisi."

"Nanga unadziwa kuti ndi a pa wailesi?"

"Ine wailesi munkandizimira. Koma kanyimbo kake ndimakadziwa konse. Ndinakaphunzira kwa inu. Munkakaimba posita."

Sananene mondinyoza. Anasintha mwana bere n'kupitiriza kuyamwitsa. Ndinamuyang'ana, munthu amene ndinamuika pansi penipeni pa makwerero anga. Kwawo ku Nkwazi kunalibe wailesi. Nyuzipepala sankawerenga. Chithunzi chija anachiona, kanyimbo anakamva, koma sanagule kanthu. Amene ankakhala ndi wailesi kuyambira m'mawa mpaka madzulo, amene ankadziwa malonda onse pamtima kuti aziwaseka bwino, ndinali ine. Ndinalakwitsa mbali zonse ziwiri. Mphamvu ya wailesi pa iye ndinaikulitsa, pa ine ndinaichepetsa.

Ngakhale pamenepo sindinalire.

Tsiku lachitatu m'chipatala, Yosefe anatsegula maso n'kuyamba kufunafuna ndi pakamwa. Sister anati botolo lisayandikirenso. Anati ndimuike kubere ngakhale mulibe kanthu, kambirimbiri pa tsiku, chifukwa kukoka ndi kumene kumaitana mkaka. Ndinamuika. Anakoka kawiri, anapeza pouma, anatembenuza mutu. Sister anayang'ana Tikambenji, n'kufunsa ngati ndi m'bale wanga wa bere limodzi. Kwathu zimachitika, mayi akadwala kapena akamwalira, mng'ono wake kapena mayi ake amayamwitsa mwana. Koma ine sindinali wodwala, sindinali wakufa. Ndinali nditakhala pomwepo ndi diresi losita.

Tikambenji anati, "Mukalola, asisi."

Ndinamupatsa mwana. Yosefe anagwira bere la mng'ono wanga ndi manja onse awiri. Ndinamva akumeza.

Njira yobwerera inali yaitali ndipo inalibe zodabwitsa. Titatuluka, mwana anapita ku Nkwazi, chifukwa Tikambenji sakanasiya nyumba yake. A Tembo sanakane. Anangoti, "Amake Yosefe, ine ndinkayesa mukudziwa," ndipo mawu amenewo anandikwanira. M'mawa uliwonse ndinkayenda kupita ku Nkwazi. Ndinkayamba ndine kumuika kubere, akatopa n'kumupereka kwa Tikambenji. Ndinkamutungira madzi mng'ono wanga, kumuphikira, kumusinjira nsinjiro, kuti adye bwino poti ankayamwitsa awiri. Mkaka wowonjezera tinkamupatsa Yosefe ndi kapu ndi sipuni, zowiritsa, muyezo wake wonse osaba. Patapita milungu, mkaka wanga unabwerera, koma madontho chabe. Kwa amayi ena umabwerera wonse, musataye mtima. Kwa ine sunakwanire.

Ndinakaimanso pamaso pa Chigwirizano chathu n'kunena zonsezi. Titatuluka, mayi wina, mkazi wa kalaliki mnzawo wa a Tembo, anandikokera pambali. Anali pa tiyi uja. Anati, "Amake Yosefe, tsiku lija ine ndinabwera ndi botolo chifukwa cha inu. Ndinati mayi wa Standard Six uja akandiona ndikuyamwitsa andiseka." Tinayang'anana. Tonse awiri tinali titabisa mabere kuopa munthu amene kunalibe.

Wailesi sindinaitaye, ilipo, ndimamvera. Siili ndi mphamvu ya ufiti. Imakankha pang'ono pokha, tsiku ndi tsiku, ndipo imakankha bwino munthu amene waima chilili kunena kuti ine sindikankhika. Chimene ndinasintha ndi ichi. Ndikadzimva ndikunena kuti "anthu atengeka nazo," ndimachotsa "anthu" n'kuikapo Esitere, n'kuona ngati chiganizocho chikuimabe. Kawirikawiri chimaima. Ndikapeza chifukwa chokoma m'kamwa mwanga, chotuluka chosalala ngati vesi loloweza, ndimadzifunsa kuti ndinachimva kuti. Ndikafuna kuchita chinthu chifukwa choti ena akhulupirira zakutizakuti, ndimapita kukawafunsa enawo ngati akhulupiriradi. Ndipo poti diso langa silindiona, ndinapempha Tikambenji kuti azindiuza zimene akuona ndayamba kugula ndi kuimba. Amandiuza, sanyengerera.

Ndikuona ena mukugwedeza mitu. Ndikudziwa kugwedeza kumeneko. Mukuganiza za mpongozi wanu, kapena wa nyumba yoyandikana nayo, kuti akanabwera akanamva. Inenso ndikanakhala pa benchi pamenepo ndikanaganiza za Tikambenji. Sindinakwere basi kudzayankhula ndi amene sanabwere.

Yosefe anakhala ku Nkwazi miyezi isanu ndi inayi. Anachira. Tsiku lokamutenga, atasiya kuyamwa, Tikambenji anamusambitsa, anamudzoza mafuta, anandithandiza kumubereka. Titangotuluka pakhomo mwana anayamba kulira. Anapotoloka m'chitenje, manja atatambasulira kumbuyo, akuitana "amama, amama," ndipo sankaitana ine. Analira njira yonse mpaka ku Kabushi. Anthu m'njira ankandiyang'ana ngati ndaba mwana. Mayi wina anandiimitsa n'kufunsa kuti, "Amake ali kuti?"

Pamenepo ndi pamene ndinalira, pamsewu, koyamba chiyambire kudwala kwake.

Pano ali pasukulu. Ndi wamfupi kuposa Mailesi, koma amathamanga. Amandilemekeza, amanditcha amayi. Mwezi wathawu anadwala malungo, thupi lili moto. Ndinamufunditsa, ndinamumwetsa mankhwala, ndinakhala pambali pake. Anatsegula maso, anandiyang'ana bwinobwino, n'kunena kuti, "Amayi, kaitaneni amama."

Ndinavala nsapato, ndinapita kukawaitana.